Ndinayankha anthu onse mwangozi: kodi batani la Reply All ndilisiyiretu?

"Ofesi yoona za ogwira ntchito inatumiza imelo kwa tonse yofunsa masiku amene aliyense akufuna kudzapita kutchuthi. Ine ndinayankha pafoni, ndipo ndinafotokozanso kuti ndikufuna masikuwo chifukwa ndikukachitidwa opaleshoni. Ndinadina Reply All osazindikira, moti anthu pafupifupi 200 anawerenga. Kuchokera tsiku limenelo ndimangodina Reply basi. Koma sabata yatha abwana anandidzudzula kuti ndinayankha iwo okha pa nkhani yosintha tsiku lopereka lipoti, anzanga ena osadziwa. Nanga ndizitani? Batanili ndilisiye kapena ayi?"

Pepani kwambiri. Nkhani ya matenda ndi yanu, ndipo munayenera kusankha nokha woti mumuuze ndi nthawi yomuuzira, choncho manyazi amene mukumvawo ndi omveka. Koma mtima ukhale m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu a m'maofesi pa nkhani za imelo, ndaona kuti wolembayo amakumbukira uthenga wotere kwa miyezi, pamene ambiri mwa olandira amauiwala sabata isanathe. Ena sautsegula n'komwe, chifukwa akaona mutu wa nkhani ya tchuthi wabweranso amangoupitirira.

Batanilo musalisiye. Zinthu ziwiri zakuchitikiranizi gwero lake ndi limodzi: chala chinasankha batani maso asanawerenge mayina a anthu amene ali pa uthengawo. Ulendo woyamba chinasankha mwachizolowezi, wachiwiri chinasankha mwamantha. Chofunika kusintha ndi dongosolo lake, kuti muziyamba mwaona amene alipo kenako n'kusankha batani.

Tiyambe ndi mmene mabataniwa amagwirira ntchito, chifukwa ambiri amawadziwa mwapatalipatali. Reply amatumiza yankho kwa amene analemba uthengawo basi. Reply All amatumiza kwa wolembayo, kwa onse amene ali pa mzere wa To, ndi onse amene ali pa mzere wa Cc. Amene ali pa Bcc simuwaona, ndipo yankho lanu siliwafika. Mpaka apa palibe chovuta. Msampha uli pa adiresi imodzi yoimira gulu. Pa mzere wa To mukhoza kuona dzina limodzi lokha, monga la dipatimenti kapena la ogwira ntchito onse, n'kumaganiza kuti mukuyankha munthu mmodzi kapena ofesi imodzi, chonsecho kuseri kwa dzinalo kuli anthu mazanamazana. Pafoni ndiye zimavuta kwambiri, chifukwa mayina a olandira amapindidwa kuti akwanire pamzere umodzi, ndipo kuti muwaone onse muyenera kudina kamuvi kakang'ono kamene kali pafupi ndi dzina la wotumiza. Munthu akuyenda, kapena ali pamzere akudikira china chake, kamuviko sakadina.

Ndiwonjezere kuti vuto silinali lanu lokha. Amene akutumiza uthenga kwa anthu 200 wopempha aliyense kuti ayankhe za iye mwini ayenera kuika anthuwo pa Bcc, kapena kupempha akatswiri a makompyuta kuti atseke adiresi ya guluyo kuti anthu ochepa okha ndiwo azitha kulembako. Akadatero, ngakhale mukadadina Reply All, uthenga wanu ukadafika kwa iwo okha. Ndi bwino kuwauza zimenezi mwaulemu, popeza mawa zidzagwera wina.

Tsono funso loti muzidzifunsa musanayankhe ndi ili: mwa anthu amene ali pa uthengawu, ndani asinthe zimene akuchita akawerenga yankho langa? Si funso loti ndani angakonde kudziwa, popeza ofuna kudziwa sasowa. Ndi loti ndani agwire ntchito yolakwika, kapena kudikira pachabe, kapena kubwereza zimene zachitika kale, ngati yankho langali salimva. Yankho likakhala lakuti ndi wolembayo yekha, dinani Reply. Likakhala lakuti ndi onse kapena ambiri a iwo, dinani Reply All. Likakhala lakuti ndi atatu mwa anthu khumi, dinani Reply All kenako mufufute mayina asanu ndi awiri enawo. Njira yachitatuyi anthu amaiiwala, koma mizere ya To ndi Cc si yokhomeredwa, mukhoza kuchotsa ndi kuwonjezera mayina mmene mukufunira musanatumize.

Ndikupatseni chitsanzo chofanana ndi chimene abwana anu anadandaula nacho, kuti muone mmene funsoli limagwirira ntchito. Tiyerekeze kuti woyang'anira ntchito walemba uthenga. Pa To waika inu. Pa Cc waika wowerengera ndalama, mnzanu amene adzakonze zithunzi ndi maonekedwe a lipotilo, ndi munthu wa ku kampani imene yakupatsani ntchitoyo. Funso lake ndi lakuti kodi lipoti likhala litatha Lachinayi. Zoona zake n'zakuti silitha mpaka Lolemba, ndipo chifukwa chake n'chakuti wowerengera ndalama anachedwa kukupatsani manambala.

M'yankho lanumo muli nkhani ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi eni ake. Yoyamba ndi tsiku. Wokonza zithunzi mwina wasiya ntchito zina kuti Lachinayi adzakhale ndi mpata, ndipo wa ku kampani ija mwina waitanitsa kale msonkhano wa Lachisanu woti akaonetse lipotilo. Mukayankha woyang'anira yekha, anthu awiriwa apitiriza kukonzekera tsiku limene lasintha, ndipo woyang'anirayo asanduka mtenga woti azipititsa uthenga wanu kwa aliyense payekhapayekha. Ngati tsiku limenelo ali pamsonkhano kuyambira m'mawa mpaka madzulo, uthengawo ugona mu bokosi lake. Apa Reply All ndiye woyenera, ndipo mawu ake akhale ochepa: lipoti lidzatha Lolemba masana, gawo loyamba latha kale ndipo wokonza zithunzi akhoza kuyamba nalo Lachinayi lomwelo.

Nkhani yachiwiri ndi chifukwa chimene mwachedwera. Imeneyi si ya onse. Mukalemba pamaso pa kasitomala kuti wowerengera ndalama ndiye wachedwetsa ntchito, mwachititsa mnzanu manyazi pamaso pa mlendo, mwaonetsa kasitomala kuti m'nyumba mwanu simugwirizana, ndipo mnzanuyo akakamizika kuyankhanso pagulu podziteteza. Chifukwacho chipite kwa woyang'anira yekha, mu uthenga wina kapena pakamwa. Kawirikawiri imelo imodzi imafuna mayankho awiri otere, limodzi la gulu lonena zimene zasintha, lina la munthu mmodzi lonena zimene zili kuseri. Anthu ambiri amene amachita manyazi ndi Reply All sanalakwitse poyankha gulu, analakwitsa posakaniza nkhani ziwirizi mu uthenga umodzi.

Pali nthawi zina zimene kusiya Reply All kumaononga zinthu mwakachetechete, popanda wina kuzindikira msanga. Wina akafunsa gulu laling'ono kuti ndani angatenge ntchito inayake, inu n'kuvomera kwa iye yekha, enawo sadziwa kuti yatengedwa ndipo wachiwiri akhoza kuyamba kuigwira. Wina akatumiza kwa anthu asanu ndi mmodzi uthenga wokhala ndi nambala yolakwika kapena nthawi yolakwika ya msonkhano, kumuuza yekha kumasiya asanu ndi cholakwikacho. Pamenepa ine ndimakonda kuyamba ndamuuza mwini wake kuti akonze yekha, ngati nthawi ilipo, chifukwa munthu amalandira bwino kukonzedwa kumbali. Koma ngati msonkhanowo ukuyamba pakapita ola limodzi ndipo iye sakuyankha, lembani kwa onse, mongonena nthawi yoyenera popanda kuloza chala. Komanso pamene anthu angapo akukambirana kuti agwirizane chimodzi, maganizo anu akapita kwa mmodzi yekha zokambiranazo zimagawika pawiri, ndipo pamapeto pake ena amavomereza chinthu asanamve chifukwa chimene inu munachikanira.

Dziwaninso kuti munthu akaika wina pa Cc amakhala ndi cholinga. Mwina ndi womuthandiza amene amasunga kalendala yake, mwina ndi amene adzagwire ntchitoyo iye akapita kutchuthi. Mukachotsa munthu ameneyo poyankha mwasintha zimene wolembayo anakonza, ndipo ena amaziona ngati mwawadumpha dala. Choncho pa uthenga wa anthu ochepa amene akugwira ntchito imodzi, chizolowezi chikhale kusunga onse, ndipo kuchotsa munthu kukhale ndi chifukwa. Pa uthenga wa khamu la anthu amene sakugwira ntchito imodzi, monga chilengezo, chizolowezi chikhale kuyankha wolemba yekha. Kukula kwa gulu kumakuuzani zambiri: anthu amene mungathe kuwatchula mayina onse ndi kunena ntchito ya aliyense pa nkhaniyo, amenewo ndi oyenera kumva yankho. Ngati simungathe, imani kaye.

Za zimene siziyenera kupita kwa onse sindichulukitsa, chifukwa mwaziona kale. Zaumoyo, zamalipiro, zapabanja, madandaulo okhudza munthu, ndi nthabwala zimene ndi anzanu awiri okha angazimvetse. Palinso timayankho ta "zikomo" ndi "ndalandira", timene sitichititsa manyazi koma timatopetsa. Pa gulu la anthu 200, anthu 15 okha akayankha onse kuti zikomo, apanga mauthenga 3,000 oti anthu awatsegule kapena kuwafufuta.

Zimenezi zikakula zimatha kugwetsa makina a imelo a bungwe lonse. Mu 1997 ku kampani ya Microsoft wogwira ntchito wina anaona kuti ali pa gulu la imelo lotchedwa Bedlam DL3, limene linali ndi anthu pafupifupi 13,000, ndipo analembera gulu lonselo kupempha kuti amuchotse. Ena anayamba kuyankha onse kuti nawonso achotsedwe, enanso kuyankha onse powauza anzawo kuti asiye kuyankha onse, mpaka makina analemedwa. Mu Novembala 2016 zofananazo zinachitika ku NHS, bungwe la zaumoyo ku England, pamene uthenga wongoyesera unapita mwangozi kwa anthu pafupifupi 840,000, ndipo mayankho a anthu odandaula anachedwetsa imelo za ogwira ntchito m'zipatala. Chimene muyenera kutolapo n'chakuti chipwirikiti chotere chimakula chifukwa cha anthu a zolinga zabwino amene akufuna kuchiletsa. Mukadzapezeka mkati mwake musalembe kalikonse. Mu Gmail dinani Mute, mu Outlook dinani Ignore, ndipo mauthenga otsatira pa nkhaniyo sadzakusokonezaninso.

Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale anthu osamala. Woyamba ndi wa Bcc. Mnzanu akakuikani pa Bcc ndiye kuti akufuna muone uthengawo ena osadziwa kuti mwauona. Inu mukadina Reply All, yankho lanu lipita kwa onse a pa To ndi Cc, ndipo onsewo adziwa kuti munali kumvetsera mobisika. Manyazi agwera amene anakuikaniyo kuposa inu. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati uthenga wakufikani koma dzina lanu, kapena la gulu limene muli, silikuoneka pa To kapena pa Cc, mwina muli pa Bcc, ndipo muyankhe wotumiza yekha.

Wachiwiri ndi mchira wa uthenga. Mukamayankha, zonse zimene zinalembedwa kale zimatsatira m'munsi, nthawi zambiri zitapindidwa moti simuziona. Anthu atatu akhoza kukambirana momasuka za mtengo wotsikitsitsa umene angavomere, kapena za kuvuta kwa kasitomala wina, ndiye wachinayi n'kuwonjezera kasitomala yemweyo pa Cc kuti amve zimene agwirizana. Kasitomalayo alandira ndi zokambirana zonse za m'mbuyomo. Musanawonjezere munthu watsopano, makamaka wakunja kwa bungwe lanu, tsegulani mchirawo muuwerenge mpaka pansi. Mukapezamo mawu oti iye sayenera kuwaona, yambani uthenga watsopano.

Tsopano zoti muchite pa makina anu, zimene sizitenga mphindi khumi. Mu Gmail pa kompyuta, lowani mu Settings, pa General, ndipo muone malo olembedwa Default reply behavior. Ngati pasankhidwa Reply all, sinthani pakhale Reply, kuti kuyankha onse kuzikhala chinthu chimene mwachita kusankha. Pamalo omwewo pali Undo Send, pamene mungasankhe masekondi 5, 10, 20 kapena 30. Sankhani 30. Makinawo amangougwira uthengawo kwa nthawi imeneyo asanautumize, ndipo anthu ambiri amazindikira kulakwa kwawo m'masekondi oyambirira omwewo atangodina. Mu Outlook yakale ya pa kompyuta za Windows mukhoza kukhazikitsa lamulo loti uthenga uliwonse uzidikira mphindi imodzi kapena ziwiri mu Outbox usanatuluke. Ndipo chizolowezi chimene ndimalimbikitsa kwambiri n'chakuti, uthenga ukakhala ndi nkhani yanu yachinsinsi, musauyankhe pa uthenga wa gulu ngakhale ndi Reply. Yambani watsopano, lembani mawu onse, ndipo adiresi ya wolandira muilembe pomalizira. Uthenga wopanda adiresi sungachoke mwangozi.

Nanga zikachitikanso? Madzi akatayika saoleka, ndipo batani la Recall This Message la mu Outlook musalidalire kwambiri. Limagwira ntchito pokhapokha inu ndi wolandira muli m'bungwe limodzi logwiritsa ntchito Microsoft 365 kapena Exchange. Uthenga umene wapita kunja sungabwezedwe, ndipo mizere yoyamba imene yaoneka kale pafoni ya munthu singafufutike m'maso mwake. Nthawi zina olandira amaona chidziwitso choti mukufuna kubweza uthenga, ndipo chimenecho chimapangitsa ngakhale amene sanauwerenge kuufunafuna.

Funso limene limavutitsa anthu ndi lakuti kodi apepese kwa onse. Zimadalira amene wapwetekedwa. Ngati zimene zaululika ndi zanu zokha, monga mmene zinalili kwa inu, nthawi zambiri ndi bwino kusalembanso kwa gulu, chifukwa uthenga wachiwiri umangokumbutsa anthu za woyamba. Wina akakufunsani, yankho lalifupi likwanira: uthengawo unali wa ofesi imodzi, ndipo simukufuna kuti ikhale nkhani. Ngati munatumiza zolakwika zimene ena angazitsatire, lembani kwa onse mzere umodzi wokonza. Koma ngati munanena zoipa za munthu, musayambe ndi gulu. Pitani kwa iyeyo tsiku lomwelo, maso ndi maso kapena pafoni, mupepese osadzikhululukira, ndipo mumufunse ngati akufuna kuti mukonzenso pagulu. Ena amafuna, poti ananyozeka pagulu, pamene ena amafuna kuti nkhaniyo ingozirala. Asankhe ndi iye.

Pali nthawi imene simuyenera kuyesa kukonza nokha. Ngati uthenga wapita kwa anthu olakwika uli ndi zinsinsi za anthu ena, monga malipiro, zachipatala, manambala a ziphaso kapena a maakaunti a kubanki, mapasiwedi, kapena zikalata za kasitomala, uzani abwana anu ndi akatswiri a makompyuta nthawi yomweyo, ngakhale mukuopa kudzudzulidwa. M'mabungwe ambiri akatswiriwa amatha kuchotsa uthenga m'mabokosi onse a m'bungwemo, chinthu chimene inu simungathe, koma chimathandiza pokhapokha achite msanga. Komanso mayiko ambiri ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu amene amaika malire a nthawi. Mwachitsanzo, m'mayiko a European Union bungwe liyenera kudziwitsa akuluakulu oona za nkhaniyi pasanathe maola 72 kuchokera pamene lazindikira kuti zinsinsi zoika anthu pachiopsezo zatuluka. Kubisa kwa tsiku limodzi kumadya nthawi imeneyo.

Kwa inuyo, ngati pali wina amene wayamba kukusekani, kukusalani kapena kukuchotsani pa ntchito zina chifukwa cha zimene anawerenga zokhudza thanzi lanu, imeneyo si nkhani ya imelo ayi. Lembani tsiku ndi zimene zinanenedwa, ndipo mukadziwitse ofesi yoona za ogwira ntchito. Kudziwa kwawo za matenda anu sikuwapatsa ufulu wozigwiritsa ntchito.

Za abwana anu, njira yachidule ndi kuwafunsa mwachindunji mmene amafunira kuti gulu lanu liziyankhirana. Ena amafuna kuona chilichonse, ena amafuna zokhazo zimene zatsimikizika. Mukhoza kuwauza kuti kuyambira tsopano chilichonse chosintha tsiku, ndalama kapena amene akugwira ntchito muzichitumiza kwa onse a pa uthengawo, ndipo zifukwa ndi zina zokhudza anthu muziwalembera paokha. Akavomera, mudziwitsenso anzanu amene mumagwira nawo ntchito imodzi kuti nawonso azitero. Ndikukufunirani zabwino zonse pa opaleshoniyo, muchire msanga.